Mabokosi a agogo: nthano yophunzitsira ana rikeshoni

*Ndine mphunzitsi kuno ku Chitakale, ku Mulanje. Lachisanu masana ndimakhala ndi ana a Sitandade 6 ndi 7 amene akuphunzira kulemba timapulogalamu mu Python. Tafika pa rikeshoni, paja fankishoni imadziitana yokha, ndipo ana angoti kakasi. Ndinayesa kanthano ka mabokosi, lina m'kati mwa linzake. Anaseka, anasangalala, koma atakhala pa kompyuta palibe chinasintha. Kodi nthanoyi iyenera kuyenda bwanji?*

Aphunzitsi, ndikukhulupirira kuti nthano munawauzayo ndikuidziwa, chifukwa nanenso ndinayambira yomweyo. Mwana walandira bokosi lalikulu. Watsegula, wapeza lina. Watsegulanso, wapeza linanso, mpaka m'kabokosi kotsiriza wapezamo mphatso, onse n'kuwomba m'manja. Ndinaisimba kwa ana ena zaka zapitazo, ndipo nditawapatsa ntchito yoti alembe, amene anakhoza analemba lupu wamba, ena onse anangondiyang'ana. Sanalakwe anawo. Nthano imeneyi imathera pakati pa njira. Rikeshoni ndi ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo wopitawo mwana aliyense amaumva mosavuta. Chimene chimawasokoneza pa kompyuta n'chakuti fankishoni ikadziitana siinathe ntchito, yangoima kudikira yankho, ndipo yankholo limabwerera chammbuyo, kuchokera kwa wotsiriza kufika kwa woyamba. Mphatso ya pansi pa mabokosi siibwerera kwa aliyense, motero palibe amene akudikira.

Ndiye nthano yake imafunika funso loti munthu mmodzi sangaliyankhe asanamve kwa mnzake. Nayi imene ndimasimba masiku ano.

Padangokhala.

*Tili tonse.*

Panali agogo ena aakazi amene ankakhala m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi zidzukulu zawo zinayi: Tadala, Chikondi, Mphatso ndi kamzime kawo Takondwa. Tsiku lina kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, kamvula kankangowaza osaleka, ndipo ana anaunjikana pakhonde atafunda chitenje chimodzi, akukangana chifukwa chosowa chochita.

Agogo anatuluka m'nyumba atanyamula katoni ya sopo yomanga ndi luzi. Anaiika pamphasa n'kunena kuti, "M'menemu muli maswiti. Koma palibe alawe ngakhale limodzi mpaka mutandiuza kuti onse pamodzi alipo angati."

Tadala, poti ndiye wamkulu, anakoka katoniyo. Pachivindikiro panali mawu olembedwa ndi khala:

*Werenga maswiti ako.*
*Ngati mulibe bokosi lina, nena nambala yako.*
*Ngati lilimo, patsa mnzako, dikira yankho lake, uphatikize ndi ako, ndiye unene.*

Anamasula luzi lija. M'katimo munali maswiti asanu, komanso bokosi la nsapato lotseka bwinobwino. Tadala anafuna kulitsegula lomwelo, koma agogo anamugwira dzanja. "Iwe lako ndi limeneli. Linalo lili ndi mwini wake." Tadala anapereka bokosi la nsapato kwa Chikondi, nafumbata maswiti ake asanu, n'kukhala chete.

Chikondi anayang'ana pachivindikiro cha bokosi lake. Mawu ake anali omwe aja, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Anatsegula, anapeza maswiti atatu ndi kabokosi ka masamba a tiyi. Anapereka kabokosiko kwa Mphatso, nafumbata atatu ake, n'kukhala chete.

"Chikondi, alipo angati?" anafunsa Tadala.

"Sindinadziwe, achemwali. Ndikudikira Mphatso."

Mphatso naye anapeza mawu omwe aja. Anatsegula, anapeza maswiti anayi ndi kabokosi ka machesi. Anapereka kwa Takondwa, nafumbata anayi ake, n'kukhala chete.

"Mphatso, alipo angati?" anafunsa Chikondi.

"Sindinadziwe, achimwene. Ndikudikira Takondwa."

Takondwa anakankha kabokosi ka machesi ndi chala. Munali timaswiti tiwiri basi. Anasuzumira, anagwedeza, anatembenuza, koma bokosi lina munalibe. Anayang'ana kumanzere kwake, kunalibenso mwana wina woti amupatse kanthu, kunali galu yekha atagona pachiguduli. Milomo inayamba kunjenjemera.

"Agogo, ine ndilibe chopatsa munthu."

"Tawerenganso mzere wachiwiri, mdzukulu wanga."

Takondwa anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamawu. Kenako nkhope inawala. Anatembenukira kwa Mphatso n'kufuula kuti, "Awiri!"

Mphatso anatambasula dzanja. Anayi ake ndi awiri a Takondwa. Anatembenukira kwa Chikondi: "6!"

Chikondi anatambasula dzanja. Atatu ake ndi 6 a Mphatso. Anatembenukira kwa Tadala: "9!"

Tadala, amene anadikira nthawi yaitali kuposa onse, anatambasula dzanja lake lomwe linali litachita thukuta. Asanu ake ndi 9 a Chikondi. Anagwada pamaso pa agogo nati, "Agogo, maswiti alipo 14."

Agogo anaseka, natenga awiri n'kumanga pansonga ya chitenje chawo. Otsalawo ana anagawana atatuatatu, ndipo chiperoni chisanathe anali atayamba kale kulongedzanso mabokosi aja kuti akapusitse ana a kuseri kwa nthochi.

Kaphuleni mbatata.

*Yapserera.*

Musangoisimba pakamwa. Mabokosi anayiwo ndi osavuta kupeza: katoni ku golosale, bokosi la nsapato, kabokosi ka tiyi, ka machesi. Yesani kaye kunyumba kuti lililonse likulowa m'linzake n'kutsala malo. Ngati maswiti avuta, njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo zigwira ntchito, bola ziwiri zokha zikwane m'kabokosi ka machesi. Lembani mizere itatu ija pa bokosi lililonse, ngakhale kakang'ono kaja, pa kapepala komata. Ana akaona ndi maso awo kuti lamulo ndi limodzi pa mabokosi onse, mwawaonetsa kale chifukwa chake fankishoni timailemba kamodzi kokha. Mukalemba pa katoni yaikulu yokha, amaganiza kuti lamulolo ndi la Tadala.

Muikenso nambala zosiyana m'mabokosi. Ine nthawi ina ndinaika awiriawiri monse, mwana wina wochenjera atangoona mabokosi anayi anafuula kuti 8 tisanafike n'komwe pa kubwerera, masewera n'kuthera pomwepo. Ndi 5, 3, 4 ndi 2 palibe njira yachidule.

Tsopano pa kompyuta. Nthano yonse ija ndi iyi:

```python
def werenga(bokosi):
    anga, lamkati = bokosi
    if lamkati is None:
        return anga
    return anga + werenga(lamkati)

katoni = (5, (3, (4, (2, None))))
print(werenga(katoni))
```

Ikasindikiza 14, aloleni ana aloze okha kuti mzere uti ndi uti pachivindikiro. Mzere wa `anga, lamkati = bokosi` ndiko kutsegula bokosi n'kuona zili m'katimo. Wa `if` ndi wa Takondwa, poimira pake pa rikeshoni: funso lafika pochepa kwambiri moti likuyankhika popanda kufunsa wina. Wotsirizawo ndi wa ana atatu enawo. Awonetseninso mzere wa `katoni`, aone mmene zizindikiro zotsegula ndi zotseka zavalirana ngati mabokosi omwe aja, ndi `None` ali pakatikati kunena kuti muno mulibe kanthu.

Pa mzere wotsiriza wa fankishoniyo m'pamene muyenera kuchedwapo, ngakhale Lachisanu lonse. Kompyuta ikafika pa `anga + werenga(lamkati)` koyamba, `anga` ndi 5, koma singaphatikize chifukwa mbali ya kumanja ilibe nambala. Ndiye imasunga 5 uja pamodzi ndi malo amene yaimira, n'kuyamba `werenga` wina watsopano ndi bokosi la nsapato. Ameneyunso asunga 3 wake n'kuima. Wachitatu asunga 4 n'kuima. Wachinayi yekha ndiye akumana ndi `None`, abweza 2, ndipo kuphatikiza konse kumachitika pobwerera: 4 ndi 2, kenako 3 ndi 6, kenako 5 ndi 9. Pa ulendo wopita palibe samu imene yachitika ngakhale imodzi. Ana ambiri amadabwa akazindikira zimenezi, ndipo kudabwa kumeneko ndiko mukufuna.

N'chifukwa chake m'nthanomo muli ana anayi m'malo mwa mmodzi wotsegula mabokosi onse. Funso limene ana amafunsa kawirikawiri ndi lakuti, "Nanga `anga` ndi 5 kapena 3? Si dzina limodzi lomweli?" Dzina ndi limodzi, koma kuitana kulikonse kuli ndi `anga` wakewake, monga mwana aliyense ali ndi chikhatho chake. Chikondi akafumbata atatu, asanu a Tadala sanachoke m'dzanja la Tadala. Ndimawauza ana ofumbatawo kuti asatambasule dzanja mpaka yankho litawafika, ndipo dzanja likayamba kutopa amamva m'thupi kuti kudikira kumadya malo. M'kompyuta malo osungirako odikirawa amatchedwa sitaki, ndipo amakhala ngati mbale zosanjikiza: imene mwaika pomaliza ndiyo mumayamba kuchotsa. Takondwa analandira pomaliza koma anayankha poyamba. Tadala analandira poyamba, anayankha pomaliza.

Dzanja la agogo logwira Tadala lija musalidumphe posimba. Ana ochenjera ndi amene amavutika kwambiri pamenepa, chifukwa amafuna kuona mabokosi onse nthawi imodzi m'mutu mwawo. Ndi mabokosi anayi zimatheka, koma ndi 40 mutu umaima. Wolemba rikeshoni amaganizira bokosi limodzi lokha, n'kukhulupirira kuti laling'onolo libweretsa yankho lolondola poti lamulo lake ndi lomwelo. Tadala sanaone kabokosi ka machesi m'kati, sanafunikenso kudziwa kuti mabokosi alipo angati. Anangofunikira nambala imodzi yochokera kwa Chikondi.

Kuti mudziwe ngati zalowa, musawafunse kuti "mwamva?" poti onse avomera. Imitsani masewera pamene Takondwa wangotsegula kabokosi kake, mufunse kuti pakadali pano akudikira ndi angati. Yankho ndi atatu. Kenako mufunse kuti Mphatso akauza Chikondi nambala yanji. Amene wanena 4 akuganizabe kuti aliyense amangonena zake. Amene wanena 6 wagwira. Amene wanena 12 waphatikiza 5, 3 ndi 4, kutanthauza kuti m'mutu mwake samu ikuchitika popita, ngati lupu. Ameneyu muikeni pa malo a Tadala ulendo wotsatira, adikire yekha aone.

Nthanoyi ili ndi pofooka pake, ndipo ndi bwino mudziwiretu. Mabokosi enieni amatha okha. Simungaike bokosi m'kati mwa bokosi mpaka kalekale, chifukwa lililonse liyenera kuchepa kuti lilowe. Pa kompyuta palibe chokakamiza chotero, wolemba ndiye ayenera kuonetsetsa kuti chimene akupereka n'chocheperapo. Choncho vuto lalikulu la rikeshoni mabokosi amalibisa. Ine ndimalitulutsa posimba kachiwiri, Chikondi atasanduka waulesi. Walandira bokosi la nsapato, watsegula, wawerenga atatu, koma m'malo motulutsa kabokosi ka tiyi watsekanso n'kupereka bokosi lonse la nsapato kwa Mphatso. Mphatso achitanso chimodzimodzi kwa Takondwa, Takondwa kwa mwana wina, mpaka kalasi yonse yafumbata manja ikudikira, ana atha, bokosi likadali lomwe lija. Pa kompyuta sinthani mawu amodzi okha, mzere wotsiriza ukhale `return anga + werenga(bokosi)`. Python idzatulutsa mizere yodandaula yothera ndi `RecursionError: maximum recursion depth exceeded`. Mwachizolowezi Python imalola odikira pafupifupi 1000, ndipo nambalayo mukhoza kuiona polemba `import sys` kenako `print(sys.getrecursionlimit())`. Muwauze ana kuti uthenga umenewu ukutanthauza kuti ana oti apatsidwe bokosi atha. Akauona, ayang'ane zinthu ziwiri: kodi chimene ndikupereka chikuchepa, nanga kodi mzere wa Takondwa ulipo ndipo ukufikiridwa?

Chenjerani pang'ono apa. Mabuku ambiri amati mukachotsa poimira mudzapeza `RecursionError`, koma m'pulogalamu yathuyi sizitero. Mukafufuta mizere iwiri ya `if` ija, wachinayi adzapereka `None` kwa wachisanu, ndipo wachisanuyo adzayesa kutsegula bokosi lomwe kulibe. Chotuluka ndi `TypeError`, yonena kuti `NoneType` singamasulidwe. Ndi Takondwa kupereka dzanja lopanda kanthu kwa galu uja n'kumadikira yankho. Ndikunena izi kuti musalonjeze ana uthenga wina kompyuta n'kuonetsa wina, poti ana a msinkhu umenewu saiwala mphunzitsi akaphonya.

Cholakwa chinanso chimene mudzachione ndi chachete, chifukwa kompyuta siidandaula n'komwe. Mwana alemba `return werenga(lamkati)` n'kuiwala `anga +`. Pulogalamu iyenda bwinobwino n'kusindikiza 2. Aliyense wangobwereza zimene wamva kwa mng'ono wake osaphatikiza za m'dzanja lake. Mukaona yankho likufanana ndi za m'bokosi lotsiriza, musafufuze kwina. Ndipo taonani, imeneyi ndiyo nthano yoyamba ija ya mphatso pansi pa mabokosi, italembedwa mu Python.

Ngati ena mwa ana anu anayambira pa Scratch, dziwani kuti buloko yodzipangira ya mu `My Blocks` ikhoza kudziitana yokha, koma siibweza yankho ngati mmene `return` imachitira. Kumeneko amakakamizika kuponya maswiti onse m'mbale imodzi ya pakati, ndipo ulendo wobwerera suoneka. Pa phunziro ili khalani pa Python.

Padzapezeka mwana, kawirikawiri wokhala kumbuyo, amene adzafunse kuti, "Aphunzitsi, bwanji Tadala osangotsegula onse yekha n'kumawerenga?" Musamutsutse, akunena zoona. Bokosi lililonse likakhala ndi bokosi limodzi lokha m'kati, lupu wa `while` amaliza ntchitoyo bwinobwino, ndiponso sadya malo a sitaki. Mabokosi a mzere umodzi ndi ophunzirira chabe. Muyankheni ndi manja: sabata yotsatira ikani kabokosi ka machesi kachiwiri m'bokosi la nsapato, pambali pa ka tiyi, muli switi limodzi. Tsopano Chikondi akatsegula apeza mabokosi awiri. Wotsegula yekha uja ayenera kukumbukira kuti akamaliza za m'kabokosi ka tiyi abwerere ku kena kaja, ndipo mukawonjezera mabokosi m'malo osiyanasiyana adzayamba kuiwala kumene wafika kale. Koma lamulo la pachivindikiro lingosintha pang'ono: bokosi lililonse limene wapeza patsa mnzako, udikire onse, uphatikize.

```python
def werenga(bokosi):
    anga, amkati = bokosi
    onse = anga
    for b in amkati:
        onse += werenga(b)
    return onse

katoni = (5, [(3, [(4, [(2, [])]), (1, [])])])
print(werenga(katoni))
```

Pano mufunika mwana wachisanu. Chikondi apereka ka tiyi kwa Mphatso n'kudikira mpaka 6 atabwera, akhala ndi 9. Kenako apereka ka machesi katsopano kwa wachisanuyo, alandira 1, n'kuuza Tadala kuti 10. Tadala auza agogo 15. Onetsetsani kuti Chikondi sakupereka mabokosi awiriwo nthawi imodzi, chifukwa kompyuta imamaliza loyamba ndi zonse za m'kati mwake isanakhudze lachiwiri.

Ana adzafunsa kuti mzere wa Takondwa wapita kuti, poti `if` palibenso. Ulipo, wangobisala: bokosi likakhala lopanda ena m'kati, `for` sazungulira ngakhale kamodzi, ndipo fankishoni imapita molunjika pa `return onse`. Aloleni aupeze okha musanawauze. Akaupeza, tsegulani foda ina iliyonse pa laputopu imene muli nayo, yokhala ndi mafoda ena m'kati ndi enanso m'kati mwa amenewo, muwafunse kuti kompyuta imadziwa bwanji kukula kwa foda yonseyo. Kenako muwapatse choko alembe okha mawu a pachivindikiro cha foda.